Ndi Kapena Anali

Pa kampani yosindikiza mabuku ija panali kachipinda kakumapeto momwe munkakhala akonzi awiri. Makina akayamba kulira kuseri kwa khoma, makapu a tiyi ankavina okha pa tebulo. Mkonzi wamkulu anali bambo wadazi yemwe aliyense ankamutchula kuti a Mpatuliro, chifukwa polankhula ankaima pakati pa chiganizo ngati aiwala zomwe amanena, n'kudzapitiriza omvera atataya kale mtima. Mnzawo anali mayi wa mwana mmodzi, wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, yemwe anali atakhala pampando womwewo zaka khumi ndi zisanu. Iyeyu ankangotchedwa kuti mkonzi.

Ntchito yake ankaidziwa ngati chikhatho chake. Ndime iliyonse ankaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ankamva nkhani, wachiwiri ankangoyang'ana aneni okha, n'kumalemba ndi pensulo pamwamba pa aliyense, K ngati ali m'nthawi yakale, T ngati ali m'nthawi yatsopano. Pomwe chilembo chasintha ankaima n'kudzifunsa kuti chasinthiranji. Mwina chinthucho chikadali choona mpaka lero. Mwina ndi mawu omwe munthu analankhula, olembedwa momwe anatulukira pakamwa. Mwina mneniyo watsamira pa mnzake, monga ponena kuti anampeza akulira. Zifukwa zoterezi zikasowa, ndiye kuti wolembayo waterereka, ndipo cholembera chofiira chinkagwira ntchito yake.

Mwamuna wake anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitapita chinyamukireni pa ulendo wina wautali womwe sanabwereko. Galimoto inapezeka pambali pa msewu, katundu ali bwinobwino, makiyi ali pomwepo. Mwini wake osaoneka. Anafufuza kuzipatala, kundende, kunyumba zachisoni, mpaka nsapato zinatha zidendene. Panalibe maliro, panalibe manda, panalibenso woti n'kumulozera chala. Anthu osamudziwa akamufunsa ngati ali pabanja, ankayankha kuti ali ndi mwana wamkazi ku koleji, ndipo ofunsawo ankamva okha kuti asapitirize.

Tsiku lina m'mawa mlonda anabwera kudzanena kuti pakhomo pali mkulu wina akufuna mkonzi. Anali apongozi ake, bambo a mwamuna wake, telala wopuma ntchito yemwe maso anali atayamba kumukana. Anavala jekete yosita bwino, ndipo m'manja ananyamula jumbo momwe munali makope anayi a ana asukulu.

"Bambo, bwanji osangoimba foni? Ndikanabwera ndine."

"Zantchito zimakambidwa kuntchito, mayi," anatero mkuluyo. "Ndalemba mbiri yanga. Si yoti igulitsidwe ayi. Mabuku makumi atatu okha, a zidzukulu. Dokotala akuti mtimawu wayamba ulesi, ndiye ndati ndisapite nazo nkhanizi. Koma sukulu yanga mukuidziwa. Mundikonzere ngati mmene mumakonzera za anthu ena. Musandimvere chisoni."

"Mukadzaona zofiira musadzandithamangitse pakhomo."

"Ine ndasula misoko ya anthu zaka makumi asanu. Lero ndi tsiku loti wina asule yanga."

Masabata awiri otsatira, pa nthawi yopuma masana, mkonzi ankataipa makopewo n'kumakonza. Mkuluyo analemba mokoma kuposa momwe iye ankaganizira. Munali nkhani ya momwe anaphunzirira kusoka, ya diresi laukwati lomwe analidula molakwika n'kulisandutsa la mwana woperekeza, ya momwe anafunsirira malemu mkazi wake pomuyeza m'chiuno katatu konse. Koma nkhani ikafika pokoma, mkuluyo ankaiwala kuti akusimba zakale. Ankayamba bwino kuti ndinatsegula shopu, ndinayala nsalu, kenaka mwadzidzidzi kasitomala akulowa, akukalipa, ndikumuyankha. Mkonzi ankamwetulira n'kubwezera zonse m'mbuyo: analowa, anakalipa, ndinamuyankha. Imeneyo inali ntchito wamba.

Ndiyeno anafika pa kope lachinayi, chapakati. Ndimeyo inali yaifupi, ndipo zilembo zake zinali zotsindika kwambiri moti zinkaonekera kuseri kwa pepala.

"Uyu ndi mwana wanga woyamba. Ndi dalaivala wa magalimoto akuluakulu. Anabadwa chaka chomwe ndinagula makina anga oyamba. Ali ndi chipsera pachibwano chomwe anachitenga atagwa pa njinga yanga. Amakonda kuimba poyendetsa ndipo amaseka ngati mayi ake. Tsiku lonyamuka anabwera kunyumba, anandipeza ndikusoka. Akuvula jekete yake, akundipatsa kuti ndiike zipi. Anati adzaitenga pobwera. Jeketeyo ili pamsomali kuseri kwa chitseko."

Mkonzi anaiwerenga kamodzi, n'kudzuka kukatsuka kapu yomwe inali yotsukatsuka kale. Atabwerera anatenga pensulo. T, T, K, K, T, K. Zilembo zinkasinthana ngati mapazi a munthu woyenda. Pa amakonda ndi amaseka pensulo inaima m'malere, chifukwa mawu amenewa papepala sanena okha ngati ndi a lero kapena a kale. Pakamwa pokha m'pomwe amasiyana. Sanafune kuganiza nthawi yaitali. Anatenga cholembera chofiira n'kuyamba pamwamba mpaka pansi. Anali mwana wanga woyamba. Anali dalaivala. Anali ndi chipsera. Ankakonda, ankaseka, anavula, anandipatsa. Jeketeyo inali pamsomali. Ndime yonse inagona mbali imodzi, yosalala ngati nsalu yositidwa. Anataipa, n'kupitirira pa tsamba lotsatira.

Panali chinthu china chomwe mkonzi anali asanawauze apongozi akewo. Mphunzitsi wina, bambo wofatsa yemwe mkazi wake anamwalira kalekale, anali atamufunsira. Miyezi isanu inali itatha asanamuyankhe. Bamboyo sankamukakamiza, ankangomudikira pa siteji ya basi Lachisanu lililonse n'kumuperekeza mpaka pa mphambano.

Loweruka mkonzi anatenga mapepala oyamba osindikizidwa kupita nawo kwa apongozi kuti awaone asanapite ku makina. Mkuluyo anakhala pakhonde, navala magalasi, n'kuwonjezera galasi lokuzira zilembo. Ankawerenga akuseka, nthawi zina n'kumati, "Apa mwandiveka suti." Mkonzi anali kukhitchini kuthandiza mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, yemwe ankasamala mkuluyo. Kenaka kuseka kuja kunaleka. Atatuluka anapeza mapepala ali pamiyendo, chala chili pa ndime ija.

"Mayi, mwamva chiyani chomwe ine sindinamve?"

"Palibe, Bambo."

"Apolisi aimba?"

"Ayi."

"Nanga uyu wamuika m'manda ndani? Ine ndinalemba kuti ndi mwana wanga. Apa pakuti anali. Analeka liti?"

"Ndime imafunika iyende m'nthawi imodzi, Bambo. Munasakaniza. Ndi momwe ndakonzera buku lonse."

"Buku lonse ndi la anthu omwe ndinawaperekeza ndekha kumanda. Amake ndinawaona akutsitsidwa. Uyu sindinamuone." Mawu awo sanakwere. Anasonkhanitsa mapepalawo bwinobwino, n'kuwagogoda pabondo kuti alingane. "Zaka zonsezi anthu akhala akundiuza kuti ndivomereze. Abusa, achibale, ngakhale mlamu wanuyu. Inu nokha simunanenepo. Ndimati tili awiri."

Anamupatsa mapepalawo ndi manja awiri, n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanamuperekeze mpaka pageti monga ankachitira nthawi zonse.

Lolemba mkonzi anafika kuntchito maso ali otupa. Chapakati pa m'mawa anaika kope lija ndi tsamba losindikizidwa pa tebulo la a Mpatuliro.

"Tandionereni ndime iyi. Mwini wake wakana zomwe ndakonza."

A Mpatuliro ankaidziwa nkhani ya mwamuna wake, poti ndi iwo omwe ankamugwirira ntchito masiku omwe ankayendayenda kufufuza. Anawerenga kope, anawerenga tsamba, n'kubwereranso ku kope.

"Akuvula, akundipatsa," anatero. "Apa mkuluyu waterereka ndithu. Zinachitika tsiku limodzi, zinatha, ndipo aneniwa satsamira pa chilichonse. Mwakhoza. Ndikusoka mwamusiya, mwakhozanso, watsamira pa anandipeza. Koma jeketeyi…" Anaima, n'kumayang'ana kudenga mpaka makina kuseri anamaliza mtolo wonse. "Jeketeyi anaichotsapo pamsomalipo?"

"Ikadali pomwepo."

"Ndiye mwalembetsa mkuluyu bodza. Chinthu chili pamsomali lero, inu mukuti chinali. Nanga uyu wakuti mwana wanga woyamba? Ine bambo anga anamwalira ndili mnyamata, koma mpaka lero ndi bambo anga. Ukhoza kulemba anali, inde, koma wolemba akasankha ndi, chifukwa chilipo. Simunafunse chifukwa, mayi. Mwangotchetcha udzu ndi maluwa omwe."

"Nanga dalaivala? Nanga chipsera?"

"Zimenezo sindingakuuzeni ine, ngakhale buku la malamulo a chinenero. Zikudalira ngati munthuyo…" Apa anaimanso, koma ulendo uno sanapitirize. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Inu ndi amene munandiphunzitsa kuti amakonda wapapepala sumuweruza usanamve mwini wake akumutchula. Zaka khumi ndi zisanu sindinakuonenipo mukuthamanga chonchi."

Mkonzi anabwerera pampando wake. Anadziwa kuti sikunali kuthamanga. Dzanja lake linalemba zomwe pakamwa pake pankaopa kunena, ndipo linazilemba m'buku la munthu wina, m'mawu a bambo wonena za mwana wake.

Anadikira mpaka Lachitatu. Anapempha kuweruka masana, nakwera basi ndi kope lija m'chikwama. Anapeza mkuluyo ali m'chipinda chake chosokera, momwe munali makina akale opalasa ndi phazi, ngakhale kuti tsopano ulusi ankachita kulowetseredwa pa singano ndi mwana wawo wamkazi uja. Chitseko chinali chotsekula, chotsamira kukhoma, moti zomwe zinali kuseri kwake sizinkaoneka.

"Bambo, ndinalakwitsa ntchito. Ndabwera kuti tiikonze limodzi."

Mkuluyo anamulozera mpando wa makasitomala.

Anayamba ndi zosavuta. Anawafotokozera za akuvula ndi akundipatsa, kuti zimenezo zinachitika tsiku lija basi, ndipo owerenga angadabwe kuona munthu akuvula jekete lero pomwe chiganizo chapitacho chinali cha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

"Ndikamalemba ndimamuona ataima pomwe mwakhalapo," anatero mkuluyo. "Koma ndamva. Ikani anavula."

"Jekete ndibwezera momwe munalembera. Ili pamsomali. Mwana wanu woyamba ndibwezeranso. Pamenepo ndinalibe chifukwa."

Mkuluyo anangogwedeza mutu.

"Kwatsala chiganizo ichi. Amakonda kuimba, amaseka ngati mayi ake. Papepala sindingadziwe. Mukakweza mawu pa a woyambayo, ndiye kuti amatero mpaka lero. Mukayambira pansi n'kudzakwera mutadutsa ma, ndiye kuti zinali kale. Ine ndinakusankhirani osakufunsani. Tandiwerengereni ndime yonse mokweza, momwe imamvekera mumtima mwanu. Chomwe ndimve ndi chomwe ndilembe."

Mkuluyo anatenga kope ndi galasi lake lija. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsogola. Uyu ndi mwana wanga woyamba. Ndi dalaivala. Pa njinga anamwetulira pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo analeka kuyang'ana papepala, poti mawuwo ankawadziwa pamtima. Anayang'ana pawindo n'kunena chiganizo chija ngati akucheza ndi mnzake. Amakonda kuimba poyendetsa, ndipo amaseka ngati mayi ake.

Mawu onse awiri anayambira pansi.

Mkonzi anamva, koma sanasunthe pensulo. Mkuluyo nayenso anadzimva. Anabwereza chiganizocho, ulendo uno akukweza a woyamba uja mwadala. Chinamveka ngati cha mwana woloweza pamtima zoti akanene kutsogolo kwa kalasi. Anayesanso kachitatu, koma sanachimalize.

Anatseka kopelo n'kuliika pa makina.

"Zipi ndinaika tsiku lomwelo," anatero patapita nthawi. "Ndinati mwina abwera msanga. Chaka chachitatu zipiyo inachita dzimbiri, ndinaichotsa n'kuika ina. Chaka chatha inachitanso dzimbiri. Sindinaisinthe. Ndinadziuza kuti ndi masowa." Anapukuta nkhope ndi kansalu kotsala podula. "Si maso ayi, mayi. Zipi ndingaike nditatsinzina."

Mkonzi analira pamenepo, kulira komwe sanalirepo pamaso pa apongozi ake zaka zonsezo, chifukwa nthawi zonse ankaopa kuti akalira ndiye kuti wavomera. Mkuluyo sanamutonthoze. Anangokhala naye, manja ali pamaondo, misozi ikutsikira m'makwinya mpaka pa kolala. Mlamu uja anasuzumira pakhomo, n'kubwerera mwakachetechete.

"Lembani ankakonda," anatero mkuluyo pamapeto pake. "Ankaseka. Anali dalaivala. Chipsera…" Anagwira chibwano chake. "Chipseracho chichotsenimo. Sindingathe kunena kuti anali nacho, ndipo kunena kuti ali nacho mwandimva kale kuti ndikunama."

"Tikhoza kulemba kuti anagwa pa njinga yanu n'kutemeka pachibwano. Zimenezo zinachitika, sizisintha."

"Eya. Lembani choncho."

Mkonzi analemba, n'kuwawerengera ndime yonse kuyambira pamwamba. Inayamba ndi lero, pa mwana woyamba, n'kulowa m'zakale, n'kudzatulukiranso lero pa jekete, ndipo paliponse pomwe inasintha panali chifukwa chake. Mkuluyo anamvetsera maso ali otseka, ndipo atamaliza anati ili bwino.

Akuika kope m'chikwama, mkonzi anaona kuti akapanda kunena tsiku limenelo sadzanenanso.

"Bambo, pali munthu wina wandifunsira. Ndi mphunzitsi. Sindinamuyankhe."

"Mlamu wanu anakuonani pa siteji," anatero mkuluyo. "Kawiri. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Loweruka lija nditaona anali, ndinadziwa komwe mawuwo achokera. N'chifukwa chake zinandiwawa. Ndinaona kuti nditaya awiri."

"Ine simunditaya."

"Anthu amatero." Sananene mokwiya. "Ndi munthu wabwino?"

"Ndi wofatsa."

"Mdzukulu wanga akumudziwa?"

"Sindinamuuze."

"Muyambe mwamuuza iyeyo. Kenaka mubwere naye kuno bamboyo, ndidzamuone. Musachedwe nazo, mtimawu mwaumva kale nkhani yake."

Mabuku anatuluka patatha masabata atatu, a chikuto chobiriwira, chithunzi cha mkuluyo ali mnyamata pa makina chili patsogolo. A Mpatuliro anawerenga tsamba lililonse komaliza okha, ndipo sanapezemo choti n'kukonza kupatula dzina la msewu lomwe linalembedwa mitundu iwiri. Mkuluyo anasaina onse makumi atatu m'masiku awiri, lililonse ndi dzina la mwini wake, kupatula limodzi. Limodzilo sanalembemo dzina la munthu. Analipereka kwa mkonzi kuti alisunge, osanena kuti n'la yani, ndipo iye sanafunse.

Mphunzitsi uja anapita kukaonekera mwezi wotsatira. Mkuluyo anamulandira mwaulemu, anacheza naye za ana asukulu a masiku ano, ndipo potsanzikana anamuuza kuti thalauza lake n'lalitali, adzabwere nalo alipinde. Alendo atapita analowa kuchipinda, ndipo mlamu anati sanadye tsiku limenelo ngakhale lotsatira lake.

Mkuluyo anamwalira miyezi inayi pambuyo pake, m'mawa, atakhala pampando pakhonde. Pamaliro mdzukulu wawo wa ku koleji uja anapemphedwa kuwerenga zina za m'bukumo. Anasankha nkhani ya diresi laukwati, ndipo anthu anaseka ngakhale anali pachisoni. Mkonzi anakhala kumbuyo pakati pa azimayi. Achibale ena anali atayamba kale kumupatsa moni wa mlendo, ndipo pomwe ankaitana apabanja kuti apite kutsogolo, iye anadikira kuti aone ngati wina amutchula. Mlamu wake anatembenuka, anamufunafuna ndi maso m'khamumo, n'kubwerera kudzamugwira dzanja.